Akakuberani WhatsApp, yambani ndi simu, pasiwedi ibwere pambuyo

Loweruka lina mu Juni, kuli kamvula kaja kowaza ka ku Mzuzu komwe kamanyowetsa munthu osazindikira, alamu anga, akazi a achimwene, anandiimbira ali pa benchi yawo mumsika wa Taifa. Amagulitsa zitenje ndi nsapato zomwe amakapikula ku Kyela, ndipo malonda awo ambiri amayendera pa WhatsApp: amajambula katundu akangofika, makasitomala nkumasankha ali kunyumba.

"Alamu, WhatsApp yanga yatseka yokha, ikuti ndilembetsenso nambala. Ndiye amayi ena a kukwaya andiimbira kuti K40,000 ija anditumizira kale. Ine sindinapemphe munthu ndalama."

Nditafika ndinawafunsa zomwe zinachitika m'mawawo. Cha m'ma 9 koloko analandira uthenga pa WhatsApp kuchokera ku nambala ya mlembi wa banki m'khonde yawo, chithunzi chake chomwecho, dzina lomwelo. Uthengawo unkati gulupu ikukonzedwanso, aliyense alandira manambala asanu ndi limodzi pa meseji, awatumize kuti alowetsedwe. Manambala anabweradi, alamu anatumiza. Mlembiyo anali ataberedwa WhatsApp dzulo lake mwa njira yomweyo, ndipo wakubayo ankangoyenda gulupu ndi gulupu ngati moto wolusa m'tchire.

Tsiku limenelo ndinaona kuti munthu akasokonezeka amathamangira kusintha pasiwedi ya Facebook, chifukwa ndi yomwe amaidziwa. Koma maakaunti athu amangiririka pamodzi. Ukaiwala pasiwedi ya Facebook, khodi yosinthira imapita ku nambala yako ya foni kapena ku imelo. Ukaiwala ya imelo, khodi imapitanso ku nambala. WhatsApp nayo ilibe pasiwedi, mwini wake ndi amene akulandira meseji za nambalayo. Choncho ngati wakuba wagwira nambala kapena imelo, mungasinthe pasiwedi kakhumi, iye azingoisinthanso. Muyenera kuyamba kutseka komwe makiyi onse amatulukira.

Momwe mungadziwire kuti mwalowa munthu

Pa WhatsApp pali kubedwa kwa mitundu iwiri, ndipo zizindikiro zake nzosiyana. Mtundu woyamba ndi womwe unagwera alamu. Wakuba amalembetsa nambala yanu pa foni yake, inu nkutulutsidwa. Mukatsegula WhatsApp mumapeza uthenga woyamba ndi mawu akuti "Your phone number is no longer registered with WhatsApp on this phone". Umenewu sungabisike. Wakubayo saona zomwe munkalemberana kale, popeza zimenezo zimasungidwa mufoni mwanu, koma amapeza magulupu anu onse ndi manambala a anthu a m'magulupuwo. Zimenezo nzomukwanira.

Mtundu wachiwiri ndi wachinunu, ndipo ndi womwe umandidetsa nkhawa kwambiri. WhatsApp imalola kuti akaunti imodzi ilumikizidwe ku zipangizo zina zinayi, monga laputopu kapena foni ina. Munthu akagwira foni yanu kwa mphindi ziwiri, kaya pomwe mwaisiya kuti itchajidwe, kaya kwa okonza mafoni, kaya ndi wa m'nyumba momwemo, akhoza kudzilumikiza. Ena amakunyengani kuti mulembe nokha khodi ya zilembo zisanu ndi zitatu yomwe akutumizirani, ati mukavotere mwana pa mpikisano. Apa simutulutsidwa. Zonse zimaoneka bwinobwino, koma iye akuwerenga chilichonse chomwe mukulemba. Mumazindikira mukaona kuti mauthenga atsopano akuoneka ngati awerengedwa kale inu musanawatsegule, kapena mnzanu akuyankha funso lomwe simunafunse.

Pa Facebook ndi pa Gmail zizindikiro zake ndi izi: pasiwedi yomwe mukuidziwa bwino ikukanidwa, mwalandira imelo yonena kuti pasiwedi, nambala kapena imelo ya akaunti yasinthidwa, pa tsamba lanu paikidwa zotsatsa ngongole kapena mwayi wa ntchito kunja, kapena anzanu akulandira mauthenga opempha ndalama. Meseji ya khodi yomwe simunapemphe payokha sikutanthauza kuti alowa kale. Imatanthauza kuti wina akugogoda pachitseko, ndipo bola musampatse.

Pali chinanso chomwe anthu ambiri amachisokoneza. Mnzanu akakuuzani kuti walandira pempho la ubwenzi pa Facebook kuchokera kwa inu pomwe ndinu abwenzi kale, kawirikawiri akaunti yanu sinabedwe. Wina wangotenga zithunzi zanu nkutsegula akaunti ina m'dzina lanu. Apa kusintha pasiwedi sikuthandiza kanthu. Chofunika ndi choti inu ndi anzanu mutsegule tsamba labodzalo, mudinde timadontho titatu, musankhe Report profile, nkunena kuti likunamizira kukhala inu.

Choyamba: tsimikizani kuti nambala idakali m'manja mwanu

Musanakhudze akaunti iliyonse, yang'anani pamwamba pa sikirini. Kodi netiweki ilipo? Pemphani amene ali pafupi akuimbireni komanso akutumizireni meseji wamba. Zonse zikafika, simu ndi yanu ndithu, mupume pang'ono. Alamu anga anapulumukira pamenepa: wakuba anali ndi khodi imodzi yokha ija, nambala sanaigwire.

Koma foni ikamalemba No service kapena Emergency calls only pomwe anzanu a netiweki yomweyo akuimba bwinobwino pamalo omwewo, musangoti ndi vuto la netiweki. Zimitsani foni, muyatsenso. Zikakanika, ikani simuyo mufoni ina. Ikakanikanso, imbani nambala yanu kuchokera pa foni ya mnzanu. Ngati ikuitana koma foni yanu ili zii, ndiye kuti wina watulutsa simu ina ya nambala yanu, ndipo yanuyo yafa. Apa siyani china chilichonse. Meseji zonse za makhodi zikupita kwa iye, ndipo ndalama zanu za Airtel Money kapena TNM Mpamba, ngakhalenso za kubanki ngati munalumikiza nambalayo, zili pangozi kuposa WhatsApp.

Imbirani kampani yanu ya foni pa foni yobwereka, muwauze kuti atseke nambalayo pamodzi ndi akaunti ya ndalama. Kenako kwerani kabaza mupite nokha ku ofesi yawo mutauni, osati kwa ejenti wa pa kambulera, mutatenga chitupa cha unzika. Chiyambireni kalembera wa masimu mu 2018, nambala iliyonse imayenera kukhala m'dzina la munthu, ndipo chitupacho ndi chomwe chimakubwezerani nambala. Apa ndi pomwe amavutikira anthu amene simu yawo inalembetsedwa m'dzina la mbale kapena la mnyamata yemwe anawagulitsa pamsewu. Ngati ndi m'bale, mutengeni mupite naye ndi chitupa chake. Mukatuluka mu ofesimo ndi simu yatsopano, sinthani pini ya ndalama pomwepo, ndipo muimbire kapena mupite kubanki yanu akaimitse kaye zotumiza ndalama pa foni mpaka mutaona kuti zonse zili m'malo.

Ngakhale simu ili bwino, pali chinthu chimodzi choti muchite. WhatsApp imathanso kupereka khodi pokuimbirani foni. Akuba ena amakuuzani kuti mudinde manambala ena oyamba ndi nyenyezi, ati kuti mulandire mphoto kapena bando yaulere, pomwe manambalawo akutumiza mafoni anu onse obwera ku nambala yawo. Kuti muone ngati mafoni anu onse akupatutsidwa, imbani izi:

```
*#21#
```

Kuti muchotse kupatutsa kulikonse, imbani izi:

```
##002#
```

Sizidya mayunitsi. Ine ndimangoti aliyense amene waberedwa aimbe yachiwiriyi, kaya akukumbukira kuti anadinda zachilendo kaya ayi. Mukatero, lowani pa *211# ngati muli pa Airtel kapena *444# ngati muli pa TNM, muone ndalama zotsala. Ngati munauzako munthu pini, kapena munailemba penapake mufoni, isintheni.

Chachiwiri: chenjezani anthu musanayambe kulimbana ndi foni

Ichi anthu amachisiya chifukwa cha manyazi, koma ndi pomwe ndalama zimathera. Pomwe inu mukulimbana ndi makhodi, wakuba akulembera azakhali anu kuti mwagonekedwa kuchipatala. Kwa alamu, kuyambira 9 koloko mpaka cha m'ma 11 pomwe anandiimbira, anthu atatu anali atatumiza kale: amayi a kukwaya aja K40,000, kasitomala wina wa ku Ekwendeni K25,000 ya zitenje zomwe kunalibe, ndi mng'ono wawo K15,000.

Simungaimbire aliyense. Sankhani anthu anayi kapena asanu omwe ali m'magulupu anu akuluakulu: wa kutchalitchi, wa kubanja, wa kuntchito, wa kubanki m'khonde. Aimbireni ndi mawu anu, kuti amve kuti ndinudi. Auzeni zinthu zitatu: alembe m'gulupu kuti nambala yanu yabedwa ndipo aliyense asatumize ndalama kapena khodi, woyang'anira gulupu akuchotseni kaye, ndipo amene walandira uthenga wa wakubayo aujambule asanaufufute. Kuchotsedwa m'gulupu kumawawa pang'ono, koma ngati ndinu mmodzi wa oyang'anira, wakuba akhoza kuchotsa anzanu nkulanda gulupu yonse. Adzakubwezeretsani zikatha.

Chachitatu: landaninso WhatsApp

Musaichotse WhatsApp mufoni, ndipo musalole wina adinde Clear data poganiza kuti akukonza. Mauthenga anu akale ali momwemo, ndipo kufufuta sikumuchotsa wakuba.

Tsegulani WhatsApp, mulembe nambala yanu. Dziko likhale Malawi, kutsogolo kukhale +265, ndipo 0 woyamba musamulembe. Mulandira meseji ya manambala asanu ndi limodzi, muwalembe. Nambala imodzi singalembetsedwe pa mafoni awiri nthawi imodzi, ndiye mukangolemba khodi yolondola, wakuba watulutsidwa. Ikakufunsani zobwezeretsa mauthenga akale, dindani Restore. Kwa anthu ambiri nkhani imathera pomwepa, m'mphindi zisanu.

Zimavuta m'malo awiri. Poyamba, meseji ikhoza osabwera, sikirini nkumakuwerengerani nthawi yoti mudikire. Izi zimachitika ngati khodi yapemphedwa kambirimbiri, ndipo akuba ena amachita dala kuti akutsekereni kunja. Inunso mukamadinda mobwerezabwereza kapena kulemba manambala ongoganizira, nthawiyo imatalika, kuchoka pa mphindi kufika pa maola. Dikirani mpaka ithe, ndipo ikangotha pemphani nthawi yomweyo. Meseji ikachedwa, sankhani zoti akuimbireni. Nchifukwa chake tinayamba ndi kuchotsa kupatutsa mafoni kuja, kupanda kutero khodi ya pafoniyo ikanapita kwa wakuba.

Malo achiwiri ndi omwe anatiimitsa mutu ife. Alamu atalemba khodi, sikirini inafunsa pini ina ya manambala asanu ndi limodzi, ya Two-step verification. Iwo anali asanaikepo pini yotere. Anaiika ndi wakubayo atangolowa. Alamu anagwira m'mutu.

"Ndiye basi yapita, alamu? Makasitomala anga onse ali mmenemo."

Sinapite. Apa mumvetse bwino, chifukwa ndi pomwe anthu amataya mtima nkupita kukalipira onyenga ena. Mukalemba khodi ya pa meseji ija, wakuba amatuluka ngakhale inu simunalowe. Akaunti imangokhala yotseka, mulibe munthu. Muyenera kudikira masiku 7, kenako WhatsApp imakulolani kulowa popanda piniyo. Musataye nthawi ndi kuganizira pini, ndipo kudinda Forgot PIN? sikungakuthandizeni ngati imelo yomwe inaikidwapo ndi ya wakuba. M'masiku 7 amenewo musataye simu, musapereke khodi ina iliyonse, ndipo yembekezerani kuti wakubayo ayesanso. Lolemba lake munthu wolankhula mwaulemu kwambiri anawaimbira alamu, akuti ndi wothandiza anthu oberedwa maakaunti, awauze manambala omwe alandire kuti awatsegulire msanga. Anadula foni.

Mukalowa, kaya tsiku lomwelo kaya pa tsiku la 7, pitani pa Linked devices. Pa mafoni a Android mumaipeza mukadinda timadontho titatu pamwamba kumanja. Chipangizo chilichonse chomwe simukuchidziwa, chidindeni nkusankha Log out. Kwa amene ali ndi vuto la mtundu wachiwiri lija, la munthu wowerenga mwakachetechete, mankhwala ake ndi omwewa, ndipo safunika kulembetsanso nambala. Mukamaliza, lowani pa Settings, kenako Account, kenako Two-step verification, muike pini yanu ndi imelo yanu. Isakhale chaka chobadwa, ndipo isafanane ndi ya ndalama. Onaninso dzina, chithunzi ndi mndandanda wa anthu otsekeredwa, chifukwa wakuba amatsekera amuna anu kapena akazi anu ndi abale apafupi kuti asamusokoneze. Achimwene tinawapeza ali pa mndandanda umenewo.

Chachinayi: imelo, yomwe ambiri sadziwa nkomwe kuti ali nayo

Nditawafunsa alamu za imelo yawo, anati alibe. Koma pafupifupi aliyense amene ali ndi foni ya Android ndipo amatsitsa mapulogalamu pa Play Store ali ndi akaunti ya Google. Yawo anawatsegulira mnyamata wa pashopu pomwe anagula foni zaka zitatu zapitazo, ndipo pasiwedi yake inali nambala yawo ya foni. Izi nzofala kwambiri kwathu kuno, ndipo zimandipweteka mtima, chifukwa mu akaunti imeneyo mumakhala manambala onse a anthu, zithunzi, mauthenga a WhatsApp osungidwa, ngakhalenso mapasiwedi a maakaunti ena omwe foni inasunga. Wakuba amene akudziwa nambala yanu sachedwa kuiyesa ngati pasiwedi.

Ngati foni yanu idakali yolowa mu akauntiyo, muli ndi mwayi. Lowani pa Settings ya foni, mupeze Google, kenako Manage your Google Account, kenako gawo la Security. Sinthani pasiwedi kaye. Ikakufunsani yakale ndipo simukuidziwa, dindani Forgot password? Popeza muli pa foni yomwe Google ikuidziwa ndipo simu ili m'manja mwanu, kawirikawiri zimatheka. Pasiwedi yatsopano ikhale yaitali, mawu anayi kapena asanu osagwirizana omwe inu nokha mungawakumbukire, ndipo isagwiritsidwe ntchito kwina. Ilembeni m'kope lomwe limakhala kunyumba, osati mufoni.

Musaimire pomwepo. M'gawo lomwelo muli Recovery phone ndi Recovery email. Ngati pali nambala kapena imelo yachilendo, ichotseni muike yanu, chifukwa ndi khomo lakuseri lomwe wakuba amadzisiyira. Kwa alamu tinapeza nambala ya mnyamata wa pashopu uja. Sindikuti iye ndi amene anaba, mwina anangoiika kuti ntchito ithe msanga, koma tinaichotsa. Kenako onani Your devices, mutulutse foni kapena kompyuta iliyonse yomwe si yanu, nkuyatsa 2-Step Verification. Google imaperekanso makhodi khumi osungira, a manambala asanu ndi atatu iliyonse. Alembeni m'kope lija, adzakuthandizani tsiku lomwe foni idzatayike.

Amene mumalandira makalata a kubanki kapena a kuntchito pa Gmail, pali malo ena obisika. Wakuba wochenjera amakonza kuti imelo iliyonse yobwera izitumizidwanso kwa iye, ndipo zimenezi zimapitirira ngakhale mutasintha pasiwedi. Zimaoneka bwino pa kompyuta: Settings, See all settings, kenako Forwarding and POP/IMAP komanso Filters and Blocked Addresses. Chilichonse chomwe simunaike inu, chichotseni. Ngati mukugwiritsa ntchito kompyuta ya eni, mutuluke mu akaunti musananyamuke, ndipo ikafunsa zosunga pasiwedi mukane.

Ngati akutsekerani kunja kotheratu, lembani izi pa foni yomwe munkagwiritsa ntchito nthawi zonse:

```
g.co/recover
```

Chitani zimenezi muli kunyumba kapena pamalo pomwe mumakhala masiku onse, osati pa foni ya mnzanu. Google imayang'ana ngati chipangizo ndi malo nzozolowereka. Ikafunsa pasiwedi yomaliza yomwe mukukumbukira, lembani ngakhale yakale, musadumphe funso. Ndipo fulumirani, chifukwa nambala yobwezeretsera ikasinthidwa, Google imatha kutumizabe khodi ku nambala yakale kwa masiku 7 okha.

Chachisanu: tsopano Facebook

Facebook ndaiika kumapeto dala. Khodi yake yosinthira pasiwedi imapita ku meseji, ku imelo, nthawi zina ngakhale ku WhatsApp. Zitatuzi zikakhala m'manja mwanu, ndi pomwe kusintha pasiwedi kumakhala ndi phindu.

Ngati mukutha kulowa, pitani pa Settings, Accounts Center, kenako Password and security. Sinthani pasiwedi. Tsegulani Where you're logged in, mutulutse zipangizo zonse zachilendo. Musadabwe mukaona foni yanu yomwe ikulembedwa kuti ili ku Lilongwe kapena ku Blantyre pomwe inu muli ku Chibavi. Malo amenewo amangoyerekezedwa kuchokera pa netiweki. Yang'anani kwambiri mtundu wa foni ndi tsiku. Mukatero onani manambala ndi maimelo omwe alembedwa pa akauntiyo, muchotse osakhala anu. Amene muli ndi tsamba la bizinesi, onaninso anthu omwe ali ndi mphamvu yoliyendetsa.

Ngati simukutha kulowa, yambani mwayang'ana mu imelo yanu. Imelo kapena pasiwedi ya akaunti ikasinthidwa, Facebook imatumiza uthenga ku imelo yakale, ndipo mu uthengawo mumakhala linki yonenera kuti sindinu munasintha. Imeneyi ndi njira yachidule, koma linkiyo sikhalitsa. Ikakanika, lembani nokha adiresi iyi, makamaka pa foni yomwe munkalowera kale:

```
facebook.com/hacked
```

Tsatirani mafunso. Mwina akufunsani imelo ina yatsopano yoti azikupezerani, mwinanso chithunzi cha chitupa. Jambulani chitupacho pamalo owala, ngodya zonse zinayi zioneke. Kuyankha kwake kumatenga masiku, ndipo palibe munthu mu Mzuzu muno kapena kwina kulikonse amene mungamulipire kuti afulumizitse. Aliyense amene akukulonjezani kubweza akaunti mukamutumizira ndalama, akufuna akubereninso kachiwiri.

Za ndalama zomwe zapita

Wakuba satha kulandira ndalama pa nambala yanu ngati simu ili ndi inu, ndiye amapereka nambala ina, ati yanga yadzaza kapena ndi ya ejenti yemwe ndili naye pafupi. Nambala imeneyo ndi umboni. Aliyense amene anatumiza asunge meseji yotsimikizira kutumiza, chifukwa imakhala ndi nambala yolandira, dzina lomwe inalembetsedwa, nthawi ndi nambala ya ntchitoyo. Woyenera kuimbira kampani ya foni ndi wotumizayo, osati inu, ndipo aimbe ola lomwelo. Ndalama zikakhala kuti sizinatapidwe, pamakhala mpata woti ziimitsidwe. Zikatapidwa, nkhani imakhala ya apolisi.

Pitani nonse ku polisi ndi zithunzi za mauthenga ndi meseji zotsimikizira zija. Kulowa mu akaunti ya munthu popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa lamulo la 2016 loona za ntchito za pa intaneti ndi chitetezo chake, ndipo kutenga ndalama mwachinyengo ndi mlandu winanso. Lipoti la apolisi limakutetezaninso inuyo, popeza dzina lomwe lapemphera ndalama ndi lanu. Ndinene mosabisa kuti ndalama zotere sizibwerera kawirikawiri. Mwa atatu aja, kasitomala wa ku Ekwendeni yekha ndi amene anapeza zake, chifukwa anali womaliza kutumiza ndipo anaimba pasanathe theka la ola. Amayi a kukwaya aja alamu anagwirizana nawo kuti agawane chitayikocho pakati, anawapatsa zitenje ziwiri ndi ndalama pang'ono, ngakhale palibe amene anawakakamiza.

Sabata imeneyo anagulitsa poimba mafoni ndi pa WhatsApp ya achimwene. Loweruka lotsatira masana tinakhala pa benchi pomwe paja, tinalemba nambala, khodi inabwera, ndipo ulendo uno sikirini inatilola kuchotsa pini ya wakuba ija. Anaika yawo, analemba m'kope la ngongole za makasitomala lomwe limagona kunyumba, mlembi anawabwezeretsa m'gulupu. Patapita milungu iwiri meseji ya khodi inabweranso usiku, iwo osapempha. Anandionetsa m'mawa wake, tinayang'ana pa Linked devices, munalibe kanthu, ndipo anaifufuta.